Mmene ndinakonzera pepala la mayeso a masamu lisanapite ku pulinta

Mayesowa ana analemba kale, tinachonga, ndiye mafunsowa ndikhoza kuwaika poyera popanda vuto. Ndinkalemba tsiku ndi tsiku zimene ndinkapeza, ndazisiya momwemo, ngakhale pamene ndinalakwitsa ndekha.

Lolemba, 10 Novembala

Pepala landipeza lero m'mawa. Sindinasete ndine, anaseta ndi aphunzitsi anzanga a masamu, ine ntchito yanga ndi kuliona lisanapulintidwe. Ndi la maola 2, malikisi 100, masamba 10. Gawo A mafunso 20 osankha yankho, lililonse malikisi 1. Gawo B mafunso 8, kuyambira 21 mpaka 28, pachikuto alemba kuti malikisi 50. Gawo C mafunso 3, lililonse malikisi 15. Olemba alipo 180, ndiye ndi makope 10 apadera tikufuna makope 190, ndipo popeza tikupulinta mbali zonse ziwiri kope imodzi ikudya mapepala 5, onse pamodzi 950. Marimu awiri a mapepala 500 amene tapatsidwa akungotsala ndi mapepala 50 basi. Kutanthauza kuti tikalakwitsa kwambiri tikapemphanso.

Zida zanga ndi bolopeni yofiira, pensulo, rula, kalikuleta, fayilo ya Word pa laputopu ndi makingi sikimu, pepala la mayankho ndi malikisi ake lija timachongera. Choyamba ndapulinta kope imodzi mbali imodzi yokha, mapepala 10. Pa sikirini ine sindiona zolakwika, maso amangotsetsereka, komanso zina ngati chithunzi chimene chathawira ku tsamba lina zimaoneka bwino pa pepala lenileni.

Ndaliwerenga lonse kamodzi, mphindi 25, ndapeza mawu awiri olakwika kataipidwe basi. Likuoneka labwinobwino ndithu, mwaukhondo. Ndikanakhala wa changu ndikanangosayina lero lomwe. Koma kuwerenga kotereku ndinaphunzira kale kuti sikugwira kanthu, chifukwa mutu umakhala pa masamuwo ndiye nambala ya funso suiona n'komwe. Mawa ndiyamba kulidutsa kangapo, ulendo uliwonse ndikusaka chinthu chimodzi chokha.

Lachiwiri, 11 Novembala

Lero manambala okhaokha. Mafunso sindikuwawerenga. Ndinatenga pepala lina n'kuphimba mbali yonse ya mawu kuti manambala akumanzere okha azioneka, kenako kumawatchula mokweza chala chili pomwepo: 12, 13, 14, 14, 16. Ndi pamenepo. Funso 14 lilipo kawiri, 15 kulibe. Dzulo ndinadutsapo osaona, ndipo anaseta aja nawonso sanaone chifukwa funso lomaliza m'gawoli ndi 20 ndithu, ukangoyang'ana kumapeto umati zakwana. Chochititsa n'chakuti manambala onse anachita kutaipa pamanja, sanagwiritse ntchito manambala amene Word amaika yekha. Mwana amene akuyankha pa pepala la mayankho lokhala ndi 1 mpaka 20 akanasokonezeka kuti 14 wachiwiriyu amulembe pati, ndipo wina akanatsetsereka mzere umodzi mpaka mayankho asanu otsatira onse kukhala pamalo olakwika ngakhale akuwadziwa.

Ulendo wachiwiri zilembo za mayankho. Funso 9 lili ndi A, B, C, C. Chaching'ono, ndakonza.

Ulendo wachitatu tizigawo ta mafunso a Gawo B. Funso 24 lili ndi (a), (b), kenako (d). Apa sindinathamangire kusintha (d) kukhala (c), chifukwa pali zotheka ziwiri, kaya chilembo chalakwika kaya funso lathunthu lasowa. Njira yodziwira ndi malikisi. Ndinaphatikiza a m'mbali mwa mafunso onse 8: 6, 6, 7, 5, 6, 7, 5, 5. Akukwana 47, pomwe chikuto chikuti 50. Ndinaphatikizanso kuchokera pansi kukwera m'mwamba, 47 yemweyo. Ndatsegula makingi sikimu, funso 24 lili ndi malikisi 8, ndipo (c) alimo ndi malikisi ake 3. Ndiye funso linagwa penapake pamene ankasuntha zinthu mu fayilo. Ndikanangosintha chilembo chija pepala likanaoneka loyera koma lili la malikisi 97, ndipo tikanadzazindikira pochonga.

Chomaliza lero zithunzi. Pa laputopu ndinadina `Ctrl+F` n'kusaka mawu oti chithunzi kuti ndione paliponse pamene funso likutumiza mwana ku chithunzi. Funso 26 likuti gwiritsani ntchito chithunzi 4, koma chimene chili pansi pake chalembedwa kuti Chithunzi 3, ndipo m'pepala lonse mulibe chithunzi 4. Ndasintha mu funsomo kukhala 3. Kumbukirani zimenezi, zidzandibwerera.

Zonsezi zanditengera ola limodzi ndi theka.

Lachitatu, 12 Novembala

Tsiku la mafunso a matanthauzo awiri, ndipo ili ndiye gawo lovuta chifukwa munthu amene waona kale makingi sikimu sangaligwire bwino. Ine dzulo ndinaiona, mutu wanga ukudziwa kale chimene funso likufuna, ndiye ndikaliwerenga ndimangomva tanthauzo limodzi lomwelo. Ndinapempha madamu amene amaphunzitsa sayansi, masamu amawadziwa koma kalasi iyi saiphunzitsa, kuti alembe pepalali ngati mwana. Ndinawapatsa kope yatsopano, mapepala enanso 10, popanda makingi sikimu, m'chipinda chotseka ndipo kopeyo sinatuluke m'chipindamo. Ndinawauza kuti asandifunse kalikonse, pena paliponse pamene aima n'kudzifunsa kuti kodi apa akufuna chiyani angoika kanyenyezi. Anamaliza pa mphindi 55, tinyenyezi 6. Kenako tinayika mayankho awo pambali pa makingi sikimu, pamene zasiyana n'kufufuza kuti walakwa ndani.

Funso 4 linali lakuti pezani avereji ya 2, 3, 3, 8, ndipo pa mayankho osankha pali 3 palinso 4. Makingi sikimu ikuti 4, kuphatikiza zonse kupeza 16 n'kugawa ndi 4. Koma ana omwewa anaphunzitsidwa kuti avereji ilipo mitundu itatu, ndipo nambala yapakati ndi 3, yobwera kawirikawiri ndi 3 yomweyo. Mwana wosankha 3 ungamukanize bwanji? Ndiye wanzeru amene anamvetsa phunziro lonse ndi amene akanataya nthawi apa, wongoloweza akanangodutsa. Tasintha funso kuti litchule mtundu weniweni wa avereji umene ukufunika.

Funso 11 linali lakuti ndi manambala angati pakati pa 10 ndi 20 amene amagawika ndi 5. Madamu anayankha 1, kutanthauza 15 yekha. Makingi sikimu ikuti 3, kuwerengera 10 ndi 20 omwe. Mawu oti pakati pa ndi msampha nthawi zonse, sanena ngati malire akuwerengedwa. Tsopano likuti kuyambira 10 mpaka 20, kuphatikizapo 10 ndi 20.

Funso 17 vuto lake si mawu koma kataipidwe. Analemba `1/2x` pa mzere umodzi n'kuti pezani yankho ngati x ndi 4. Wina aona theka la x, apeza 2. Wina aona 1 pamwamba, 2x yense pansi, apeza 1/8. Pamanja anaseta aja analemba bwinobwino ndi mzere wopingasa, zinasokonekera potaipa. Ndalitaipanso ngati ikweshoni, mu Word umadina `Alt` ndi `=` pamodzi, kuti chapamwamba chikhale pamwamba. Nditaona izi ndinabwerera kuona timanambala tonse tapamwamba m'pepala lonse, ndipo mu funso 22 ndinapeza `2³` itasanduka 23. Madamu anali atawerengera ndi 23 ndithu, yankho lawo likutuluka nambala yachilendo, n'chifukwa anaikapo kanyenyezi. Chizindikiro chake n'chimenecho, ngati funso la malikisi 2 likutulutsa yankho lonyansa lokhala ndi madesimo ambirimbiri, kaoneni kataipidwe musanaganize kuti woyankha walakwa.

Funso 19 linali ndi mayankho awiri olondola, A akuti 0.5 ndipo D akuti 3/6. Anaseta aja ankafuna D akhale wosokoneza chabe osazindikira kuti ndi nambala yomweyo. D tamusintha kukhala 3/5.

Lachisanu ndi chimodzi ndi funso 27, malo a bwalo lozungulira la rediyasi 7 cm. Funso silinanene kuti π atenge chiyani. Ukatenga 22/7 upeza 154, ukatenga 3.14 upeza 153.86, ukadina batani la π pa kalikuleta upeza 153.94. Onse atatu alondola, makingi sikimu ili ndi 154 yekha, ndipo ochonga tilipo atatu, wina akanalola wina akanakana. Tawonjezera kuti tengani π kukhala 22/7.

Masana ndinapita nazo kwa anaseta aja. Apa pamafunika ulemu, munthu wagwira ntchito usiku ndiye iwe ukubwera ndi bolopeni yofiira. Pa funso 11 anakana kaye.

"Koma aphunzitsi, ana anga akudziwa mmene ndimafunsira, m'kalasi timatero nthawi zonse."

"Zoona aphunzitsi, koma madamu aja ayankha 1, ndipo sindinapeze powatsutsira. Tsiku la mayeso inu simudzakhala m'chipinda chilichonse kuti muwafotokozere."

Anaseka n'kuvomera. Ine sindisintha tanthauzo la funso la munthu ndekha, ndimakonza manambala ndi kataipidwe, koma chimene funso likufuna kuyesa mwini wake ndi amene anene. 24(c) anati aliyang'ana mu fayilo yakale anditumizira mawa.

Lachinayi, 13 Novembala

Malangizo. Njira imene ndimagwiritsa ntchito ndi kudziyesa mwana amene wangokhala pa desiki, n'kumafunsa zimene angakwezere dzanja, kenako kuona ngati pepala likuyankha lokha.

Chachikulu chili pa Gawo C. Chikuto chikuti yankhani mafunso onse. Pamwamba pa Gawo C palibe chilichonse, pangolembedwa Gawo C basi. Koma 20 kuphatikiza 50 kuphatikiza mafunso atatu a 15 ndi 115, osati 100. Kuti zikwane 100 mwana ayenera kusankha awiri mwa atatuwo, ndipo n'zimene anaseta aja ankafuna, kungoti zinali m'mutu mwawo osati pa pepala. Madamu dzulo anayankha onse atatu chifukwa chikuto chinawauza choncho, ndipo sanaikepo kanyenyezi chifukwa kwa iwo panalibe chokayikitsa. Ndiye kulembetsa mnzako pepala sikugwira zonse, ichi chinagwidwa ndi kuphatikiza malikisi. Tsopano langizo lili pawiri, pachikuto ndi pamwamba pa Gawo C penipeni, chifukwa mwana akafika tsamba 9 za pachikuto waiwala kalekale. Tinagwirizananso kuti wina akayankha onse atatu tichonga awiri oyamba, ndipo talemba zimenezo pa pepala kuti asadzati sanauzidwe.

Zina zinali zachangu. Nthawi pachikuto inali maola 2 koma pa ndandanda ya mayeso panali maola 2 ndi theka, ndinakafunsa, ndandanda ndi imene inalakwika. Za kalikuleta panalibe mawu, taika kuti ndi yololedwa. Taika kuti onetsani njira mu Gawo B ndi C popeza makingi sikimu ikupereka malikisi a njira, si bwino kulanda mwana malikisi pa chinthu chimene sunamuuze. Funso 30 likufuna pepala la girafu, talitchula pachikuto pamodzi ndi rula kuti oyang'anira mayeso akonzeretu. Pansi pa masamba taika kuti tembenuzani, ndipo pambuyo pa funso 31 kuti mafunso athera pano, chifukwa tsamba lomaliza likakhala kuseri ana ena salitembenuza. Zithunzi za ma tirayango zimene si zoyeza taika kuti sizinajambulidwe pa sikelo, kuti wina asangotenga rula n'kuyeza m'malo mowerengera.

24(c) wafika, ndipo wabwera ndi chithunzi chake chaching'ono. Nditamulowetsa zonse zapansi zinakankhika, pepala lafika masamba 11, ndipo funso 25 mawu ali tsamba lina tebulo lake tsamba lina. Tsamba la 11 likanatanthauza pepala lachisanu ndi chimodzi pa kope iliyonse, mapepala ena 190 amene tilibe. Ndinachepetsa mizere yopanda kanthu imene anaika ndi `Enter` kambirimbiri, umaiona ukadina `Ctrl+Shift+8`, koma malo oyankhiramo sindinawakhudze. Pa funso 25 ndinasankha mawu ake n'kuchonga `Keep with next` mu `Paragraph` kuti asasiyane ndi tebulo. Tabwerera pa masamba 10. Maola awiri apita pamenepa, ambiri kulimbana ndi Word.

Lachisanu, 14 Novembala

Ndasandutsa fayilo kukhala PDF kuti zinthu zisasunthenso pa kompyuta ina, n'kupulinta kope imodzi yoyesera pa makina enieni amene tidzagwiritse ntchito, mbali zonse ziwiri, mapepala 5. Funso 26 limauza mwana kuyeza mzere AB ndi rula, sikelo 1 cm kuimira 5 m. Makingi sikimu ikuti 8 cm, ndiye 40 m. Ndaika rula pa kope yopulintayo, 7.6 cm. Mwana woyeza bwinobwino akanapeza 38 m n'kulakwa. Vuto linali pa bokosi lopulintira, panasankhidwa `Fit` ndiye tsamba lonse linachepetsedwa pang'ono kuti likwane m'malire a makinawo. Pa mawu sungaone kusiyana kulikonse. Ndasankha `Actual size`, ndapulintanso pepala limenelo lokha, 8 cm ndendende. Ngati pepala lanu lili ndi funso loyeza kutalika, yezani pa kope yotuluka m'makina, osati pa fayilo. Makona sasintha tsamba likachepa, koma kutalika kumasintha.

Komanso mbali yodetsedwa ya chithunzi 2 inatuluka yakuda bii mpaka chilembo chimene chili mkati osaoneka. Ndachotsa mtunduwo ndaika timizere topendekera.

Ndasayina kuti pepala lili bwino. Mafayilo akale onse ndawasunthira mu foda ina, chifukwa panali atatu a mayina ofanana ndipo tsiku lopulinta munthu amangotsegula imene ili pafupi.

Lolemba, 17 Novembala

Kupulinta. Timapanga pepala limodzilimodzi makope 190 kenako kusanja n'kumenya sitepula. Atatu oyamba anadutsa bwino. Tili pa lachinayi, la masamba 7 ndi 8, aphunzitsi amene amandithandiza kusanja anatola limodzi kungoliyang'ana.

"Aphunzitsi, funso 26 likuti chithunzi 3, koma pansipa palembedwa Chithunzi 4. N'zolondola zimenezi?"

Ndinathamanga kukaimitsa makina, anali atatulutsa kale 60. Ndipo cholakwika ndi changa. Paja Lachiwiri ndinasintha 4 kukhala 3. Zoona zake n'zakuti 4 uja anali wolondola kuyambira pachiyambi, chithunzi 3 chinali cha 24(c) amene anasowa uja. Manambala a pansi pa zithunzi anaikidwa ndi `Insert Caption` ndiye Word amatha kuwasintha yekha, chija chitachoka cha funso 26 chinatsika kukhala 3, chitabwerera Lachinayi chinakweranso kukhala 4. Koma nambala ya mkati mwa funso inali yotaipa pamanja, inangokhala pa 3 amene ndinaika ine. Lachisanu tsamba lomweli ndinaligwira kawiri konse, koma maso anali pa rula. Ulendo wa manambala uja ndinaupanga kamodzi kokha, Lachiwiri, ndisanasinthe chilichonse, ndipo nditalowetsa funso latsopano sindinaubwereze. Choipa kwambiri n'chakuti tsopano chithunzi 3 chilipodi pa tsamba lina, ndiye mwana akanabwerera kukayeza chithunzi cha funso lina.

Ndakonza ndi `Cross-reference` kuti nambala ya mu funso izitsatira ya chithunzi, kenako `Ctrl+A` ndi `F9` kuti zonse zisinthe pamodzi, PDF yatsopano, ndipo ndisanayatsenso makina ndinakhala pansi mphindi 20 kubwereza manambala onse, zilembo, malikisi ndi zithunzi pa kope yopulinta. Malikisi 20, 50, 30. Mzere AB ndauyezanso. Mapepala 60 aja tinaganiza zongokonza ndi bolopeni koma ndinakana, ana ena akanakhala ndi pepala lofufutidwa ena loyera, ndipo pa 60 limodzi ukhoza kulidumpha. Tawang'amba. Pamodzi ndi oyesera aja tapyola pa marimu awiri, ndinakapempha mapepala ena 40 ku ofesi ndi nkhope yamanyazi.

Lachitatu, 19 Novembala

Alemba lero, zipinda zinayi. Ndinauziratu oyang'anira kuti mwana akafunsa za funso asafotokoze okha, anditumizire uthenga, ngati pali chokonza tikalemba pa bolodi mawu omwewo m'zipinda zonse nthawi imodzi. Palibe amene anandiitana. Ndinazungulira kawiri, ana ali phee.

Potolera m'pamene chatuluka china. Pepala la girafu la funso 30 linali lapadera, losamangidwa ku kope, ndipo paliponse sitinalembe kuti lembani dzina lanu pa pepala la girafu. Pachikuto malo a dzina alipo, ndinawaona Lachinayi n'kukhutira, za pepala lapaderali sizinandifike m'mutu, ndipo madamu aja girafu yawo anangondipatsa pamanja. M'zipinda zitatu oyang'anira anamangirira okha ndi sitepula potolera. M'chipinda chachinayi anatolera magirafu mulu wakewake, ndipo 11 alibe dzina. Madzulo onse ano takhala awiri ndi anaseta aja kufananitsa kalembedwe ka manambala ndi matebulo a m'makope, 9 tawapeza eni ake, awiri atsala tiwaitana ana a m'chipindacho amene anasankha funso 30 mawa m'mawa adzaloze okha tisanayambe kuchonga. Mzere wa dzina pa pepala lililonse lapadera ndauika kale mu fayilo ya chikuto imene tidzayambire teremu ikubwerayi.